Ana 81 akhoza posankha, 29 okha polemba: mayankho abodza mumawapeza bwanji?

Mphunzitsi wa Sitandade 7, Chibavi: Anzanga ndithandizeni, mutu wandiwira. Ahedi akufuna mafunso 30 osankha yankho a masamu pofika Lachisanu. Sabata yatha ndinapereka 1/4 + 2/3, mayankho A. 11/12, B. 5, C. 12, D. 0. Pa ana 88, ana 81 anakhoza. Ndinasangalala. Mawa lake ndinalemba funso lomwelo pabolodi popanda mayankho, okhoza 29 basi! Yankho loona silindivuta, koma atatu abodzawa ndimangotola zimene zabwera m'mutu usiku. Inu mumatani kuti mwana wosadziwa asamakhoze mwaulere?

Madamu a ku Zolozolo: Aphunzitsi, funsolo linaulula lokha. Mwana wawerengera, wapeza zake zolakwika, wayang'ana pamayankho palibe, ndiye wangotenga lomwe likuoneka ngati fulakishoni. Musataye makope a tsiku lachiwiri aja. Ana 59 olakwawo analemba chiyani? Werengani mutiuze. Mayankho abodza ali m'makope amenewo, musavutike kuwapeka.

Bambo a ku Katoto: Ine ndinanena kalekale, mafunso osankhawa ndi juga. Mayankho anayi, mwana woponya chabe amapeza limodzi pa mafunso anayi alionse. Apatseni alembe njira yonse, nkhani yatha.

Mphunzitsi wa Sitandade 7, Chibavi: Akulu, chaka chamawa ana omwewa akukumana ndi mayeso a MANEB, mafunso osankha aliko, ndingawathawe bwanji? Madamu, ndawerenga. Ana 38 analemba 3/7, ana 13 analemba 3/12, ena 8 zosiyanasiyana, pali 9/12, 5/12 ndi 2/12.

Madamu a ku Zolozolo: Eya, taonani tsopano. Wa 3/7 waphatikiza nambala zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, ngati kuti ndi masamu awiri ophatikiza. Ameneyu sanamvetse kuti nambala yapansi ikunena kukula kwa zidutswa, ndipo afunika kubwerera ku zodula mapepala. Wa 3/12 ali patsogolo pang'ono: akudziwa kuti pansi pafunika 12, koma zapamwamba wazisiya momwe zinalili. Wa 9/12 wasintha 2/3 kukhala 8/12 bwinobwino, koma 1/4 sanaikhudze, wangowonjezera 1. Ana atatu awa salandira mankhwala amodzi. Yankho labodza lililonse likhale ndi nthenda yake imodzi yomwe mungaitchule. Mukalephera kunena kuti mwana wafika bwanji pa yankho limenelo, lichotseni.

Koma 5/12 musaikepo. Imabwera m'njira ziwiri: mwana wochotsera m'malo mophatikiza amapeza 8/12 kuchotsapo 3/12, ndipo mwana wosintha 1/4 yokha amapeza 3 kuphatikiza 2 pamwamba pa 12. Onse afika pa 5/12. Mukaona ana khumi asankha imeneyo simudziwa kuti vuto ndi kusawerenga chizindikiro kapena kusintha fulakishoni.

Mphunzitsi wachinyamata, Luwinga: Ngati mukufuna mapepala a mayeso akale ndili nawo ambiri, ndingabwere nawo kutauni Loweruka. Mungokopera mafunso ndi mayankho ake.

Mphunzitsi wa Sitandade 7, Chibavi: Zikomo achimwene, mapepala ndili nawo. Vuto langa ndi ana anga enieniwa, ndidziwe chikuwasokoneza.

Mayi opuma pantchito, Katawa: Chenjerani ndi 3/12 ndi 9/12, mwanangu. Chaka chonse mwakhala mukuwauza kuti yankho alifupikitse mpaka pomaliza. Mwana wochenjera aona kuti ziwirizi zikufupikika, azitaya osawerengera n'komwe. Ine zinandionekera. Chaka china ndinaika 2/4 ngati yankho labodza pa funso lomwe yankho lake linali 1/2. Mtsikana wina anabwera ndi pepala lake nditachonga kale, akuti madamu, izi si zofanana? Ndinachonganso mulu wonse usiku ndi nyali, mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Kuyambira pamenepo funso lililonse ndinkapatsa mnzanga ayankhe kaye asanaone mayankho anga, tisanapite kokasindikiza.

Bambo a ku Katoto: Mwaona? Ntchito yonseyi, pomaliza mwana wangoponya C. Alembe njira basi.

Madamu a ku Zolozolo: Amayi akunena zoona, ndinaphonya pamenepo. Ndiye sinthani manambala, nthenda zikhale zomwezo. Yesani 1/4 + 2/7. Loona ndi 15/28. Wophatikiza pamwamba ndi pansi apeza 3/11. Wosiya zapamwamba apeza 3/28. Wosintha mbali imodzi apeza 9/28, kaya wasintha iti, chifukwa 7 ndi 2 ndi 9, 1 ndi 8 ndi 9. Palibe lofupikika. Wochotsera apeza 1/28, yomwe palibe pamndandanda, ndiye mwina abwerera n'kuyang'ananso chizindikiro.

Bambo a ku Katoto, ana oponya amabalalika, A, B, C ndi D zimalandira pafupifupi mofanana. Ana 38 kukumana pa 3/7 si kuponya kumeneko.

Mphunzitsi wachinyamata, Luwinga: Ife tikasowa lachinayi timangoika lakuti palibe yankho loona pamwambapa. Zimathandiza nthawi ikathina.

Mayi opuma pantchito, Katawa: Zimathandiza inu, osati mwana. Likakhala loona, mwana wopeza 3/11 ndi mwana wopeza 15/28 onse alisankha ngati mayankho awo palibe, onse akhoza. Likakhala labodza nthawi zonse, pofika teremu yachiwiri ana alidziwa. Ana amatiwerenga ife kuposa buku. Mnzathu wina ankalemba yankho loona lalitali kuposa ena onse pa sayansi, pofuna kuti likhale lokwanira bwino, ndipo kalasi yake inkangoyeza ndi maso.

Mphunzitsi wa sekondale, Mchengautuba: Ndangolowa. Funso latsopanoli likadali ndi khomo: mayankho atatu ali ndi 28 pansi, 3/11 ili yokha. Mwana wozolowera mayeso aitaya chifukwa chosiyana ndi anzake, chonsecho ndiyo nthenda yaikulu m'kalasi mwanu. Mwina muike awiri a 11 ndi awiri a 28, koma sindikuona kulakwa kwenikweni komwe kungabereke lina la 11.

China, mukachonga sanjani mapepala kuyambira wapamwamba, mutenge 24 apamwamba ndi 24 apansi, ndiyo pafupifupi 27 peresenti ya ana 88 mbali iliyonse. Pa funso lililonse werengani angati asankha chilembo chiti. Labodza labwino limakoka apansi ambiri kuposa apamwamba. Likakoka apamwamba, kayikirani funso lanu kapena zomwe munaphunzitsa. Losasankhidwa ndi aliyense ndi lakufa. Komanso Chingerezi cha funso chikhale chachifupi. Ambiri mwa ana athu kunyumba ndi Chitumbuka, mwana angasankhe labodza chifukwa cha liwu limodzi, inu n'kulemba kuti sadziwa mafulakishoni.

Mphunzitsi wa Sitandade 7, Chibavi: Mafunso 30, lililonse ndiyambe ndalipereka lopanda mayankho, kenako kuwerenga milu iwiri? Pofika Lachisanu?

Madamu a ku Zolozolo: Onse ayi. Tengani asanu a mitu yomwe ikuvuta, enawo fufuzani m'makope a ntchito za m'kalasi, zolakwa zilimo kale. Za awiri a 11 sindikugwirizana nazo, mukhala mwabwerera kopeka.

Bambo a ku Katoto: Ndiye kuti mupeze mayankho abodza mukuyamba mwawauza alembe njira. Si zomwe ndikunena ine kuyambira m'mawa?

Mphunzitsi wachinyamata, Luwinga: Pajatu ndifunse, masiku ano mukusindikiza kuti mayeso? Kumene timapita ife mafulakishoni akutuluka nambala yapansi itadulika.