Mtolankhani wafunsa za nsomba zakufa padoko, ndimuyankhe chiyani?

Esinati: Akuluakulu, thandizeni. Mtolankhani wa wailesi wandiimbira kuti asodzi apeza nsomba zakufa zikuyandama pa nyanja ya Malawi mbali ya Makawa ku Mangochi, ndipo anthu akuti wina wathira poizoni. Akufuna ndemanga yanga isanakwane 4 koloko kuti ilowe munkhani za madzulo. Ine ntchito yanga ndi ulangizi wa madamu, kudokoko sindinafikeko. Koma ndikakana, adzandiimbiranso?

Jafali: Musakane achemwali, mwayi uwu. Ine ndikadakhala inu ndikadatchulanso kuti ndimagulitsa mbewu ya makumba. Mundipatseko nambala yake.

Che Mdala: A Jafali, mukatero mawu anu awadula ndipo nambala yanu aifufuta. Mayi Esinati, musayankhe pafoni yoyambayo. Mufunseni zinthu zimene iye waona: zafa ndi za mtundu umodzi kapena mitundu yosakanikirana, zazikulu zokha kapena ndi tiana tomwe, zili ndi zilonda kapena thupi ndi losalala, nanga mwera wawomba masiku angati. Akutumizireni zithunzi. Kenaka muuzeni kuti mumuimbira pakatha mphindi 30, ndipo muimbedi. Atolankhani amasunga nambala ya munthu amene wabweza foni nthawi isanathe, ngakhale atakhala kuti si wophunzira kuposa onse.

Esinati: Zithunzi zabwera. Pali utaka, kambuzi ndi timilamba tochepa, zilonda sindikuziona. Akuti mwera wakhala ukuwomba mwamphamvu sabata yonse.

Che Mdala: Ndiye muli ndi chonena, koma chili ndi malire. Mwera umakankhira madzi apamwamba kumpoto, ndipo kuno kummwera madzi ozizira apansi amakwera. Pansi penipeni pa nyanja ya Malawi, kupitirira mamita 200 kapena 250, mulibe mpweya woti nsomba zipume, choncho madzi ochokera mwakuya akasakanikirana ndi apamwamba mwadzidzidzi nsomba zimatha kubanika. Zikatero zimafa mitundu yambiri nthawi imodzi, zopanda zilonda. Matenda nthawi zambiri amagwira mitundu ina kusiya ina, amapha pang'onopang'ono, ndipo ena amaonetsa zilonda ngati aja anavuta ku Mchinji mu 2020. Poizoni ngati katupe amapha m'maiwe ndi m'mitsinje momwe madzi ndi ochepa, panyanja yaikulu amasungunuka msanga.

Koma musanene kuti "wapha nsomba ndi mwera". Nenani kuti zimene mwaona pazithunzi zikufanana ndi kuchepa kwa mpweya, ndipo wotsimikiza ndi amene akayeze madziwo. Muwonjezere kuti anthu asatole nsomba zofa zokha n'kumadya kapena kuyanika. Mawu atatu amenewo basi. Wailesi imatenga masekondi 20 kapena 30, mukalankhula mphindi zisanu ndiye kuti mwamupatsa iye ufulu wosankha chiganizo chimene chamusangalatsa, ndipo chimakhala chija munanena mongocheza.

Mayi Phiri: Ine lamulo langa ndi loti andionetse nkhani yonse asanaulutse. Apo ayi sindilankhula.

Che Mdala: Mayi, nkhani yonse sangakuonetseni, ndipo akonzi ambiri salola. Chimene mungapemphe ndi choti akuwerengereni mawu anu okha ndi manambala amene mwatchula. Izi ambiri amavomera chifukwa nawonso safuna kudzapepesa. Njira yosavuta ndi kujambula mawu pa WhatsApp n'kutumiza, inu n'kutsala ndi umboni wa zimene munanena. Pansi pake lembani dzina lanu ndi ntchito yanu momwe mukufunira kuti zitchulidwe, kuopa angakutchuleni kuti "mkulu wa zausodzi m'boma" a ku ofesi n'kukwiya nanu.

Mayi Phiri: Pamenepo ndiye pandikhudza. Ife a boma sitingangoyankha, timawatumiza kwa bwana kapena kwa mneneri. Nthawi zina chilolezo chimabwera nkhani itauluka kale.

Che Mdala: N'chifukwa chake amaimbira anthu ngati Mayi Esinati. Koma Mayi Esinati, mtolankhaniyo mumupatsenso njira: ofesi ya zausodzi kuboma kuno ndi a kafukufuku ku Monkey Bay, amene ali ndi zida zoyezera mpweya m'madzi. Musaope kuti akulandani ulemu. Mtolankhani amene mwamulozera kwa munthu woyenera amabwereranso kwa inu poyamba.

Jafali: Nanga ya thiransipoti? Ena akabwera kudzajambula madamu amayembekezera kenakake.

Esinati: Uyu sanapemphe kanthu. Koma wafunsanso kuti, "Ndiye mukukana kuti si poizoni?" Akufuna inde kapena ayi.

Che Mdala: Musamupatse onse awiri. Muuzeni kuti poizoni sadziwika ndi maso, afunika kupima madzi ndi nsombazo, kenaka bwerezani mawu anu aja. Akafunsa kachitatu, bwerezaninso.

Mayi Phiri: Ine ndikuonabe kuti mutu wa nkhani ukhala wa poizoni, kaya munene chiyani.

Esinati: Ndajambula katatu, koyamba kanatalika. Ndatumiza ya masekondi 25. Akuti a ku Monkey Bay sakuyankha foni, pali amene ali ndi nambala ina?