Kodo yakale ija: mmene zinayendera

Funso langa linali lakuti: “Ndingakonze bwanji kodo yakale yopanda mayeso, osaiwononga?”

Ndinasankha gawo limodzi lowerengera mtengo wa katundu. Ndinalemba mayeso opatsa gawolo manambala osiyanasiyana, koma yankho loyembekezera ndinaika labodza mwadala. Mayesowo atalephera, anandionetsa yankho lenileni, ndipo ndinalikopera mmenemo. Mayeso otere saweruza ngati kodo ikulondola. Amangosunga zimene ikuchita lero.

Ndinapeza kuti kuchuluka kwa katundu kukakhala `-1`, gawolo limabweza `0` mwakachetechete. Dzanja linkayabwa, koma sindinakonze, chifukwa mwina pali mbali ina yodalira zimenezo. Ndinangolemba mayeso ake.

Chinandivuta chinali `now()`, imene gawolo linkagwiritsa ntchito kupeza tsiku la lero, poti zotsatira zinkasintha tsiku lililonse. Ndinayamba ndaitulutsa mkatimo kuti tsiku lizilowa kuchokera kunja, kenako ndinayamba kugawa gawolo pang'onopang'ono.