Thandizeni: mpando wa pulimiyamu m'ndege ndi wogonadi?

Wofunsa: Abale pagulu pano, mwezi wamawa ndikupita ku London kukaona kamdzukulu. Ndikwerera pa Chingodzi, kusintha ndege ku Joni, kenako usiku wonse m'mwamba. Mkamwini wandilipirira mpando wamba, akuti ndikafuna Premium Economy ndiwonjezere ndekha. Munthu amene pa ukwati wake ndinagulitsa ng'ombe ziwiri! Kachewere naye chaka chino wandigwetsa ku Tsangano, msana ukundivuta. Ndiwonjezere?

Wa ku Moatize: MUSAYEREKEZE, bambo! Ndege ndi imodzi, mukatera limodzi. Ife timakhala anayi pampando wa chapa mpaka ku Ulongwe, thumba la ufa pamiyendo, tinafa?

Mayi wa ku Matundo: Bambo, simunanene kuti akufuna zingati. Koma dziwani kaye ichi: mpandowo sugona ngati bedi, wogona uli ku bizinesi, chigawo chodula kuposa pulimiyamu. Umangopendekera kumbuyo mochulukirapo, ndi wotakatako, ndipo kuchoka pampando wanu kufika wakutsogolo ndi masentimita pafupifupi 97, pomwe ku mipando wamba ndi 79. Komanso ndalamayo mukulipirira ulendo wa Joni–London wokha, maola ngati 11. Kandege ka ku Tete kuno mukhala wamba basi.

Wa ku Moatize: Mwamva? Masentimita 18! Chikhatho chimodzi mugulitsire ng'ombe yachitatu?

Mnyamata wa ku Zobue: Kkkk madala, mkamwiniyo ndiye nkhani. Tipatseni nambala timulangize.

Wina: Ine ndinalipira ndikupita ku Lisbon, dzina lokoma pa sikirini, kukwera ndipeza mpando ndi womwewo, angotalikitsa pamiyendo. Mwana wa eni pambali panga analira mpaka kucha. Onsewa ndi akuba.

Mayi wa ku Matundo: Inu munagula malo a miyendo, osati pulimiyamu. Musanalipire tsegulani mapu a mipando. Weniweni amakhala ndi chigawo chakechake, mzere wa mipando 7 kapena 8 pomwe kumbuyo ndi 9 kapena 10. Ndiye werengerani. Tinene kuti akufuna 33,000 metikali ulendo wopita wokha: pa maola 11 ndi 3,000 pa ola. Ngati mumagona chokhala, mukafika muli munthu. Ngati chokhala simugona, mwagula chakudya cha m'mbale yadothi. Muonenso katundu: matikiti ena otchipa salola chikwama chachikulu, pomwe pulimiyamu kawirikawiri ndi ziwiri za makilo 23. Pamenepo kusiyana kumachepa.

Wa ku Moatize: Apemphe wa pakhomo la ngozi, ndi ULERE.

Mayi wa ku Matundo: Ulere unatha kale, achimwene, ambiri amalipiritsa. Ndipo pamenepo amafuna munthu wamphamvu wotha kutsegula chitseko. Wodandaula msana akhoza kumusamutsa. Bola wa m'mbali mwa kanjira, azidzuka n'kumawongola miyendo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Koma ufa ndi usipa amalola kulowa nazo? Mtengo uja ndimufunsa mkamwini akayamba kuyankha foni.