Pempho: ndizindikire bwanji nyimbo ziwiri zolowana mu mikisi ya DJ?

Ndikupempha thandizo kwa akuluakulu amene mumadziwa ntchito ya ma DJ. Ndili ndi mikisi ya amapiyano ya mphindi 58 yomwe inajambulidwa pa phwando la kunyanja ku Senga Bay, kuno ku Salima, ndipo ndikufuna kulemba dzina la nyimbo iliyonse pamodzi ndi nthawi imene ikuyambira.

Zambiri ndazipeza ndi Shazam, koma pandivuta pakati pa 23:10 ndi 25:40. Pamenepa DJ wachotsa besi ya nyimbo yotuluka n'kusiya mawu a woimba akuyenda pamwamba pa ng'oma za nyimbo yolowa, moti Shazam ikupereka mayina osiyanasiyana malinga ndi pamene ndayambira kuimvetsera. Ndikuganiza kuti anasinthanso liwiro la nyimboyo kuti zigwirizane, chifukwa mawuwo akumveka okwera pang'ono.

Pa 24:50 anthu akukuwa kwambiri, ena akuimba likhweru. Kodi kukuwako ndikutenge ngati chizindikiro chakuti nyimbo yatsopano yayamba? Ineyo ndikukayika, poti anthu amakonda kukuwa besi ikabwerera, pamene nyimboyo inayamba kale kulowa chapansipansi.

Pa 1001Tracklists mikisiyi palibe, ndipo pa mndandanda wa DJ wina pamene ndinamva ng'oma zofanana ndi zimenezi, anangolembapo ID. Nanga inu, nthawi yoyambira mumalemba pamene ng'oma zayamba kumveka, kapena pamene nyimbo yakale yazimiririka? Komanso mungadziwe bwanji ngati mawuwo ndi a nyimbo yachitatu yoikidwa pamwamba?