Mitu iwiri ya imelo ya Tsiku la Anakubala: wapambana ndi uti?

Wazitenje Ku Tauni walemba:

Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa zotsatsa malonda pa imelo. Timagulitsa zitenje ndi nsapato za amayi, ndipo tili ndi maimelo a makasitomala 2,400. Pokonzekera Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala tinalemba uthenga umodzi koma mitu iwiri. Mutu A unali "Mphatso ya amayi anu yafika". Mutu B unali "Tachotsera 15% pa zitenje mpaka pa 15 Okutobala". A tinatumiza Lachiwiri m'mawa kwa anthu 1,200 oyambirira pa mndandanda, B tinatumiza tsiku lomwelo madzulo kwa 1,200 otsalawo.

A anatsegulidwa ndi anthu 336, B ndi anthu 300. Amene anadina linki: A 30, B 45. Amene anagula pa webusaiti: A 5, B 8. Mnzanga akuti A wapambana chifukwa ntchito ya mutu ndi kutsegulitsa imelo basi. Ine ndikuona ngati B. Khirisimasi ikubwera, tilondole uti?

Mlembi wa Maakaunti:

Amayi, tisanafike pa wopambana, ndifunse: mndandanda wanuwo unasanjidwa bwanji? Ngati mayina amalowa motsatana ndi tsiku limene munthu analembetsa, ndiye kuti 1,200 oyambirirawo ndi makasitomala akale, amene amakudziwani, pomwe otsalawo ndi atsopano. Kuwonjezera apo, gulu lina linalandira m'mawa, lina madzulo. Zinthu zosiyana zakwana zitatu: mutu, anthu ndi nthawi. Manambala akasiyana, simungathe kuloza chimene chachititsa. Mwina anthu 36 owonjezera amene anatsegula A anatsegula chifukwa ndi akale, kapena chifukwa m'mawa anthu amayamba ndi kuona maimelo akafika pantchito.

Wazitenje Ku Tauni:

Ndi zoona, mndandanda umayambira kwa akale. Ndiye kagawidwe koyenera ndi kotani?

Mlembi wa Maakaunti:

Muwasakanize kaye, monga timatakasira ndiwo tisanalawe mchere. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yotumizira maimelo ya Mailchimp ndipo pulani yanu ili ndi A/B test, imagawa yokha mwachisawawa n'kutumiza mitu yonse nthawi imodzi. Ngati mukugawa nokha, tsegulani mndandanda mu Excel kapena Google Sheets, ndipo pambali pa imelo iliyonse muike ichi:

```
=RAND()
```

Kokerani mpaka pansi, kopani manambalawo n'kuwamata ngati Values kuti asiye kusinthasintha, kenako sanjani mndandanda wonse motsatira manambalawo. Theka lapamwamba lilandire A, lapansi B. Zonse zichoke mphindi imodzi, dzina la wotumiza likhale limodzi, ndiponso kamzere kamene kamaoneka pansi pa mutu imelo isanatsegulidwe kakhale kofanana. Kamzere aka anthu ambiri amakaiwala, koma pafoni kamawerengedwa pamodzi ndi mutu.

Powerengera maperesenti, gawani ndi maimelo amene afikadi. Mndandanda wakale umakhala ndi maadiresi ambiri akufa. Ngati mwa 1,200 a gulu A, 60 anabwerera, muzigawa ndi 1,140.

Achimwene a ku Zolozolo:

Ine ndili mbali ya mnzanuyo. 336 pa 1,200 ndi 28%, 300 pa 1,200 ndi 25%. Nkhani yatha, A wapambana. Munthu akatsegula, mutu wamaliza ntchito yake, zotsalazo ndi za uthenga wam'kati. Ndipo mitu yokhala ndi % imakonda kukathera ku sipamu.

Nachisale wa Masamu:

Achimwene, kuchuluka kwa otsegula masiku ano si kodalirika monga kale. Pulogalamu imadziwa kuti imelo yatsegulidwa chifukwa m'kati mwake mumabisidwa kachithunzi kakang'ono kosaoneka ndi maso, ndipo kakatsitsidwa imawerenga kuti munthu watsegula. Kuyambira Seputembala 2021, Apple inabweretsa Mail Privacy Protection. Kwa amene anayatsa zimenezi pa Apple Mail, kachithunziko kamatsitsidwa kokha ngakhale mwini foni sanayang'ane n'komwe imeloyo. Kumbali ina, munthu amene anazimitsa zithunzi pofuna kusunga bandulo akhoza kuwerenga uthenga wonse koma osawerengedwa. Magulu akasakanizidwa bwino, vutoli limagwera mbali zonse mofanana, ndiye kufananitsa kumathekabe, kungoti kusiyana kwenikweni kumaoneka kochepa. Koma apa sanasakanizidwe. Ngati makasitomala akale ndi amene ali ndi ma iPhone ambiri, A wapatsidwa otsegula aulere.

Za sipamu, chizindikiro cha % pachokha sichikwanira kuponya imelo kumeneko. Chimene chimalemera kwambiri ndi mbiri ya wotumiza, ndiponso kuchuluka kwa anthu amene amadina Report spam.

Tsopano tiyerekeze kuti kagawidwe kanali kabwino, tione ngati kusiyanaku n'kokwanira. Ngakhale mutatumiza mutu umodzi womwewo ku magulu awiri, manambala sangafanane ndendende. Funso n'lakuti kusiyana kwanu kwaposa kusiyana kwamwayiko kapena ayi. Kwa otsegula timachita chonchi, p kukhala gawo la otsegula onse pamodzi, 636 pa 2,400, SE kukhala kukula kwa kusiyana kwamwayiko, z kukhala kusiyana kwanu kugawa ndi SE, ndipo sqrt ndi square root:

```
p  = 636 / 2400 = 0.265
SE = sqrt(0.265 * 0.735 * 2 / 1200) = 0.018
z  = (0.28 - 0.25) / 0.018 = 1.67
```

Mwambo wa owerengera ndi wakuti z afike pa 1.96 tisananene kuti pali kusiyana. 1.67 sanafike. Izi sizikutanthauza kuti mitu iwiriyo ndi yofanana, koma kuti anthu 1,200 mbali iliyonse ndi ochepa kuti atsimikize kusiyana kwa mapointi 3.

Kwa odina linki, poti ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi olandira ndiponso magulu ndi ofanana kukula, pali njira yachidule ya pafoni: kusiyana kwa manambala awiriwo mukugawe ndi sqrt ya onse pamodzi. 45 kuchotsa 30 ndi 15, onse ndi 75, sqrt(75) ndi 8.66, ndipo 15 kugawa ndi 8.66 ndi 1.73. Nayenso sanafike, ngakhale wayandikira. Kwa ogula, 3 kugawa ndi sqrt(13) ndi 0.83. Pamenepo palibe chonena, anthu anayi okha akanasintha maganizo, nambala ikanatembenuka.

Wazitenje Ku Tauni:

Zikomo achemwali. Ndiye pangafunike anthu angati kuti tidziwe?

Nachisale wa Masamu:

Zimadalira kukula kwa kusiyana kumene mukufuna kugwira. Kawerengedwe kapafupi ka anthu ofunika gulu lililonse ndi aka, d kukhala kusiyanako, mapointi 3 kulembedwa 0.03:

```
n = 16 * p * (1 - p) / d^2
```

Ndi p wa 0.265, kuti mugwire mapointi 3 mukufunika anthu pafupifupi 3,500 mbali iliyonse. Kuti mugwire mapointi 5, pafupifupi 1,250. Ndiye mndandanda wanu wonse, mutaugawa pakati, umangotha kuona kusiyana kwa mapointi 5 kapena kuposa. N'chifukwa chake musataye nthawi kuyesa mitu yosiyana liwu limodzi kapena kachizindikiro ka mtima. Yesani maganizo awiri osiyana kwenikweni.

Bambo a Loji Kunyanja:

Ife pa nyengo ya Khirisimasi timatumiza uthenga pa WhatsApp ndi pa SMS, anthu amayankha msanga kuposa pa imelo. Bwanji osangosiya za maimelozo? Komanso ndinamva kuti njira yabwino ndi kutumiza kwa 20% mutu A, 20% mutu B, pakatha ola limodzi wopambana apite kwa otsala onse.

Mlembi wa Maakaunti:

Bambo, funso la amayiwa ndi la mitu ya imelo, koma mwakhudza chinthu chofunika, ndibwererako. Za 20% zija ndi njira ya amene ali ndi mndandanda waukulu. Pa 2,400, gawo la 20% ndi anthu 480 okha. Pa gulu lotere otsegula amakhala pafupifupi 127, odina linki 15. Wopambana amene pulogalamu ingasankhe pamenepo nthawi zambiri ndi wamwayi chabe. Mailchimp yeniyeniyo imalangiza anthu 5,000 pa mutu uliwonse ndi kudikira maola osachepera 4. Ola limodzi limangokuonetsani anthu amene amakhala pa imelo tsiku lonse kuofesi. Wina amagula bandulo madzulo kapena mawa lake. Ine ndingati sankhani nthawi yowerengera musanatumize, mwachitsanzo pakatha maola 48, ndipo muilembe papepala pamodzi ndi muyeso umene muweruzire. Mukamasuzumira ola lililonse n'kuima pamene mutu womwe mumaukonda uli patsogolo, mwasankha nokha wopambana.

Tsopano za WhatsApp. Amayi, ogula 5 ndi 8 aja ndi a pa webusaiti okha. Nanga amene anawerenga imelo n'kulembera pa WhatsApp, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena kubwera kushopu? Amenewo sanawerengedwe. Ulendo wina ikani mawu ochotsera mtengo osiyana m'kati mwa uthenga, monga MAYI1 ku gulu A ndi MAYI2 ku gulu B, kuchotsera kwake kukhale kofanana, ndipo wogulitsa pakauntala azilemba mawu amene kasitomala watchula.

Nachisale wa Masamu:

Ndibwerere kwa achimwene a ku Zolozolo pa mfundo yoti mutu ukatsegulitsa wamaliza ntchito. Mutu umasankhanso mtundu wa anthu otsegula. "Mphatso ya amayi anu yafika" akhoza kukoka munthu amene akuganiza kuti walandira kanthu, akatsegula n'kupeza malonda, n'kutseka. B wanena poyera kuti ndi zitenje, mtengo watsika, ndiponso tsiku lomaliza, choncho wotsegula akudziwa chimene akukafuna. Mwa otsegula A, odina anali 30 pa 336, pafupifupi 9%. Mwa otsegula B anali 45 pa 300, ndiye 15%. Koma poweruza musagawe ndi otsegula, gawani ndi onse amene imelo inawafika, chifukwa otsegulawo asankhidwa kale ndi mutuwo. Muonenso kuti lipoti likunena unique clicks, munthu aliyense kamodzi, poti makina oteteza maimelo a m'makampani ena amadina malinki okha pofufuza ngati ali oopsa. Onaninso amene anadzichotsa pamndandanda mbali iliyonse.

Chinanso, B ali ndi zinthu ziwiri, kuchotsera mtengo ndi tsiku lomaliza. Atapambana simungadziwe chakoka anthu ndi chiti. Ndipo zotsatira za Okutobala sizingasamukire ku Disembala zonse. Pa 15 Okutobala ndi pakati pa mwezi, ambiri malipiro atayamba kutha, ndiye mawu oti mtengo watsika akhoza kumveka mwamphamvu. Tsiku lomaliza nalonso limakoka kwambiri kukatsala masiku awiri kusiyana ndi kukatsala milungu iwiri.

Achimwene a ku Zolozolo:

Ndamva, koma ngati pa otsegula 1,200 sakukwana, pa odina linki ndiye sangakwane mpang'ono pomwe. Muweruza ndi manambala 30 ndi 45? Bola otsegula ndi ambiri.

Nachisale wa Masamu:

Apo simukunama, ulendo umodzi sungakwane. Pa Khirisimasi atumize maimelo atatu, kumayambiriro kwa Disembala, pakati, ndi kutatsala masiku ochepa, uliwonse mutu wina wotchula mtengo, wina wotchula mphatso popanda tsiku lomaliza mbali zonse. Azisakaniza mndandanda mwatsopano ulendo uliwonse, kenako aphatikize odina onse a mbali iliyonse n'kuwerengera kamodzi pamapeto.

Wazitenje Ku Tauni:

Zikomo nonse. Funso limodzi latsala: pa mndandandawu pali anthu pafupifupi 400 amene sanatsegule imelo yathu chaka chonse. Tiwachotse tisanagawe magulu a Disembala, kapena tiwasiye momwemo?