Imelo yosinthira pasiwedi yandipeza usiku ine osapempha, kodi andibera kale akaunti?

Nabanda wa Zitenje: Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndadzuka m'mawa uno ndapeza maimelo atatu mu Gmail, onse akuti achokera ku Facebook, ndipo alowa motsatizana cha m'ma 2 koloko usiku ine ndili mtulo. Iliyonse ili ndi khodi yakeyake, pansi pake pali batani lolembedwa `Change Password`. Sindinapemphe kusintha kalikonse. Akaunti ikutsegukabe bwinobwino pa foni, koma mtima suli m'malo chifukwa peji yanga ya malonda ili pa akaunti yomweyo ndipo maoda onse amadzera pamenepo. Kodi ndiye kuti munthu wina ali nayo kale pasiwedi yanga? Ndidine batanilo ndisinthe asanandipitirire?

Wa Kabaza Mchesi: Mayi musachedwe, dinani musinthe pompano. Anthu amenewa sagona. Mukafika masana mupeza akupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Anaphiri: Ayi achimwene, asadine. Mayi, taonani adiresi ya amene watumiza. Ngati sikuthera ndi `facebook.com` ndi yabodza, ifufuteni basi.

Nabanda wa Zitenje: Yalembedwa `security@facebookmail.com`. Ndiye ndi yabodza?

Che Jafali: Mayi, khazikani mtima pansi kaye. Anaphiri anena zoona kuti musadine, koma pa adiresi aphonya pang'ono, chifukwa `facebookmail.com` ndi ya Facebook yeniyeni, ndi imene amatumizira mauthenga oterewa. Komabe musadalire adiresi yokha, pakuti mbava zimatha kulemba dzina lofanana nayo losiyana chilembo chimodzi, ndipo pa foni zilembo zazing'onozo munthu suziona bwino.

Tiyambe ndi funso lanu loyamba. Imelo imeneyi imabwera munthu akadina `Forgot password?` pa tsamba lolowera n'kulemba imelo kapena nambala ya foni ya mwini akaunti. Aliyense padziko pano angachite zimenezo, sipafunika pasiwedi. Nambala yanu ili poyera pa peji kuti makasitomala akuimbireni, ndiye ngati ndi yomweyo imene munalembetsa pa akaunti, munthu akhoza kuilemba pamenepo, n'kusankha kuti khodi ipite ku imelo, ngakhale imeloyo sakuidziwa yonse. Iyeyo amangoona zilembo zochepa, zina zitabisidwa ndi tinyenyezi. Khodiyo imabwera kwa inu, osati kwa iye. Kunena zoona, munthu amene ali nayo kale pasiwedi yanu sataya nthawi ndi batani loiwala pasiwedi, amangolowa mwakachetechete. Amene wakutumizitsani maimelowa wagogoda pachitseko, kiyi alibe.

Kuti mudziwe ngati maimelowo ndi enieni, isiyeni Gmail, tsegulani apu ya Facebook imene mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse, mupite apa:

```
Settings > Accounts Center > Password and security > Recent emails
```

Pamenepo pamaoneka maimelo a chitetezo amene Facebook yakutumizirani posachedwapa. Akakhalapo atatu anuwo, ndi enieni, ndipo wina anayesadi. Akapanda kupezeka, muwakayikire, mwina batani lija limapita ku tsamba lonamizira lofuna kuti mulembe pasiwedi yanu ndi manja anu omwe. Mukadali pamenepo tsegulaninso `Where you're logged in` mutiuze mafoni amene alembedwa.

Mnyamata wa Chirimba: Nanenso vuto langa ndi lomwelo akuluakulu. Ndinaiwala pasiwedi, ndikadina pamenepo khodi sikubwera. Ndichite bwanji?

Anaphiri: Lanu ndi lina m'bale wanga. Inu mukupempha khodi osabwera, mayiwa ikubwera osapempha. Kapena ndinu mukulakwitsa nambala n'kumawatumizira iwowa usiku?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Musaseke Anaphiri, zimachitikadi. Ine adiresi yanga ndi dzina ndi mfunda basi, ndipo a mfunda wathu alipo ambirimbiri kuno, ku Chipata mpaka ku Joni. Pali bambo wina amene akaiwala manambala a kumapeto kwa adiresi yake, zake zonse zimagwera kwa ine, malisiti ndi makhodi omwe. Chinanso, Gmail siwerengera madontho a m'dzina, moti adiresi yokhala ndi dontho pakati ndi yopanda dontho zimafika m'bokosi limodzi. Poyamba ndinkaona ngati wina watsegula akaunti yofanana ndi yanga. Ndiye si onse otumizitsa maimelo amenewa amene ndi akuba.

Nabanda wa Zitenje: Che Jafali, ndaona. Maimelo atatu onse alipo pa `Recent emails`. Pa mafoni pali Tecno yanga, komanso pali Itel ina imene yalembedwa Blantyre, chikhalirecho ine ndimakhala ku Area 25 ndipo ku Blantyre ndinapita kalekale. Thupi lazizira apa.

Che Jafali: Dzina la mzinda lisakuopseni kwambiri. Iwo amangoyerekeza malo potengera kumene intaneti ya kampani ya foni yatulukira, ndiye munthu uli ku Lilongwe ukhoza kulembedwa Blantyre. Chofunika ndi mtundu wa foni ndi tsiku limene inalowa komaliza. Munakhalapo ndi Itel?

Nabanda wa Zitenje: Eya, ndi yakale ija ndinapatsa mwana wa mchemwali wanga chaka chatha. Tsiku lake ndi la kalekale.

Che Jafali: Ndiye si ya usiku wathawu. Ichotseni ndithu, dinani pa iyo musankhe `Log out`, foni yopereka kwa wina isamakhale ndi akaunti ya bizinesi.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amathamangira kusintha pasiwedi ya Facebook n'kuiwala kumene khodi imafikira. Munthu ujayo chimene chikumusowa ndi khodi, ndipo ali ndi njira ziwiri zoipezera: kulowa mu Gmail yanu, kapena kukupemphani inuyo mumupatse. Ngati pasiwedi ya Gmail ndi yofanana ndi ya Facebook, kapena ndi imene munaigwiritsapo ntchito pa masamba ena, ya Gmail ndiyo muyambe kusintha lero. Masamba ena akabedwa, maimelo ndi mapasiwedi a anthu amamwazika, ndipo pali makina amene amangoyesa mndandanda wonse usiku ndi usana. Mungathe kulemba adiresi yanu pa `haveibeenpwned.com` muone ngati inatulukapo m'zobedwa zoterozo. Ngakhale nambala za foni zinamwazikapo: mu 2021 zambiri za anthu oposa 500 miliyoni a pa Facebook, kuphatikizapo nambala, zinaikidwa poyera pa intaneti. Ndiye wokuvutitsaniyo mwina sakukudziwani n'komwe.

Lembani nokha `myaccount.google.com`, mulowe pa `Security`, muone `Your devices` ngati pali foni yachilendo, muonenso nambala ndi imelo zobwezeretsera akaunti ngati zikadali zanu. Mukapeza kompyuta, tsegulani Gmail pa `See all settings`, muyang'ane `Forwarding and POP/IMAP` ndi `Filters and Blocked Addresses`. Wakuba wochenjera akalowa mu imelo amatchera kuti makalata a Facebook azipita kwa iye kapena azifufutika okha musanawaone. Kwa inu chizindikiro chabwino ndi chakuti maimelo atatuwo mwawapeza adakalipo. Munthu akanakhala m'bokosi lanu akanagwiritsa ntchito khodi yoyamba ija, n'kufufuta imeloyo, sakanapempha katatu.

Nyakaunda: Pa nambala yobwezeretsera paja ndiikepo mlomo. Mchimwene wanga anapita ku Cape Town n'kusiya simu yake yakuno osagwira ntchito. Patapita nthawi kampani inapereka nambalayo kwa munthu wina, monga amachitira ndi nambala zogona. Akaunti yake inali idakali pa nambala imeneyo, ndiye mwini watsopanoyo ankalandira makhodi ake. Mwamwayi anali munthu wabwino. Amene munasintha laini, kachotseni nambala yakale.

Wa Kabaza Mchesi: Koma ine sindikumvetsa. Imeloyo mwati ndi yeniyeni. Nanga kudina batani la m'menemo kwalakwika pati? Palinso pena pamalembedwa kuti ngati si inu tidziwitseni, ine ndimadina pamenepo.

Che Jafali: Pa imelo yeniyeni linki imeneyo ndi yabwinobwino, sindikukanirani. Vuto ndi chizolowezi. Maimelo abodza amakopera zonse, ndi mawu akuti tidziwitseni omwewo, podziwa kuti munthu wamantha ndi pamene amadina. Chilichonse chimene batani limachita mungachichite mu apu, ndiye ine ndimadzera mu apu nthawi zonse.

Wa Kabaza Mchesi: Ine ndizidinabe ikakhala yeniyeni. Ukapanda kuwauza adziwa bwanji kuti wina akukuvuta?

Adimini: Tachotsa ndemanga ziwiri za anthu amene amati mayiwa awapeze ku inibokosi kuti awatetezere akaunti. Aliyense wopempha khodi kapena chithunzi cha imeloyo tikumutulutsa. Nanunso mayi musaike chithunzicho pano, khodi imaonekera pa mutu pomwe.

Nabanda wa Zitenje: Zikomo adimini. Tamverani izi. Pompano pa WhatsApp yabwera meseji ya nambala yachilendo, chithunzi chake ndi chizindikiro cha Facebook. Akuti peji yanga aidandaulira ndipo itsekedwa pasanathe maola 24, koma ndikawatumizira khodi imene ibwere pa imelo aikonza. Ndisanayankhe n'komwe, imelo yachinayi yalowa.

Che Jafali: Ndi ameneyo mwini nkhani, ndipo si wolakwitsa adiresi ngati wa aphunzitsi uja. A usiku aja anali okuopsezani kuti meseji iyi ikupezeni muli kale ndi mantha. Wapemphanso khodi yatsopano chifukwa makhodi amenewa sakhalitsa, amafuna yoti agwiritse ntchito nthawi yomweyo. Facebook sipempha khodi pa WhatsApp. Musamuyankhe ngakhale kumutukwana, mubulokeni.

Kenako pa `Password and security` pomwe paja yatsani `Two-factor authentication`, ndipo ku Google yatsani `2-Step Verification`, kuti wolowa pa foni yachilendo azifunsidwa khodi ina kuwonjezera pa pasiwedi. Mukatha kugwiritsa ntchito apu ngati Google Authenticator ndi bwino kuposa meseji, chifukwa simu munthu akhoza kuisinthitsa mwachinyengo. Makhodi osungira amene akupatseni muwalembe m'kope kunyumba, foni ikadzatayika ndi amene adzakulowetseni. Muonenso amene ali ndi ulamuliro pa peji, pasakhale dzina losalidziwa.

Imelo yoti muchite nayo changu ndi ina: yonena kuti pasiwedi yasinthidwa kale, kapena kuti imelo kapena nambala yatsopano yawonjezedwa pa akaunti. Imeneyo ikadzabwera inu osachita kanthu, lembani nokha `facebook.com/hacked` nthawi yomweyo.

Anaphiri: Nanga maimelowo asiya kubwera akayatsa zimenezo?

Che Jafali: Osati chifukwa cha zimenezo ayi. Batani lija limakhalabe lotseguka kwa aliyense wodziwa nambala. Ena amachotsa nambala ya malonda pa akaunti n'kuikapo imelo imene sanaipereke kwa munthu, ndipo zimachepa.

Nabanda wa Zitenje: Pasiwedi ya Gmail inalidi yofanana ndi ya Facebook, ndasintha zonse ziwiri ndipo Itel ndaichotsa. Za `Forwarding` sindikuziona pa foni, ndikaonera pa laputopu ya kutchalitchi madzulo. Laini ndili nayo imodzi yomweyi, ya makasitomala ndi ya Airtel Money, ndiye ndikaichotsa pa akaunti ndikadzaiwala pasiwedi ndidzalowera pati?

Nyakaunda: Pa imelo yachiwiri imene anena Che Jafali ija mayi. Koma muziitsegula nthawi ndi nthawi, Google imatha kufufuta akaunti yokhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito.