Ndithandizeni: usipa ndinagula ku Mangochi unachita chuku, ndikupitanso Loweruka

Nachisale wa ku Ndirande

Abale anga pagulu pano, makamaka inu a kunyanja, ndithandizeni nzeru. Mwezi wa Febuluwale ndinapita kukaona apongozi ku Mangochi, ndipo pobwerera ndinatsikira kugombe cha ku Makawa kukagula ndiwo. Amayi atatu ankagulitsa usipa pa chigoba cha malita 5. Wina K13,000, wina K11,000, wina K9,000. M'maso mwanga usipawo unali wofanana, choncho ndinatenga zigoba zinayi kwa wa K9,000 uja, nditaonjeza kampango wowamba awiri. Zonse ndinamanga m'jumbo yaikulu.

Patatha masiku atatu ndinamasula jumbo ija. Usipa unali wofunda ngati uli pamoto, wina utagwirana mibulu, wapansi utachita chuku choyera. Nditauyanikanso unatsala zigoba zitatu, ndipo theka la chigoba ndinataya. Kampango mmodzi kunja anali wokongola, koma nditamunyema ndinapeza mphutsi cha kumutu. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama imeneyo inali ya ndiwo za mwezi wonse.

Loweruka ndikupitanso. Ndikufuna usipa woti ukhale miyezi iwiri, kampango wowamba, ndi chambo chachiwisi chochepa choti ndikafike nacho kunyumba. Ndiziyang'ana chiyani, ndipo ndidziwa bwanji kuti mtengo sanandikwezere?

Achimwene Joni

Mayi, chophweka n'chakuti muzionera ntchentche. Pamene zadzaza musagulepo, pamene palibe ndiye nsomba yabwino. Yaiwisi muigwire kumchira, ikakhala yolimba gwa ndiye kuti yangovuulidwa kumene.

Anaphiri a ku Msaka

Pepani asisi, zimenezi zimawawa. Ine ndakhala ndikuyanika ndi kufutsa usipa kuyambira ndili mtsikana, ndiye ndikuuzani mmene ndikuonera. Inu munagula madzi. Febuluwale ndi nthawi ya mvula, dzuwa limatuluka pang'ono n'kubisala, ndipo usipa umatha masiku pathandala osauma. Mwini wake akaona kuti ukumuonongekera amautsitsa mtengo kuti uchoke msanga. Usipa wosauma umakhala wonenepa, umadzaza chigoba mofulumira, ndipo m'maso umaoneka bwino kuposa wouma. N'chifukwa chake anthu ambiri amapusitsika nawo.

Tawerengani nokha. Munapereka K36,000 ndipo chimene chinalowa mu mphika ndi zigoba ziwiri ndi theka. Ndiye kuti chigoba chilichonse chinakudyerani K14,400, kuposa cha mayi wa K13,000 uja amene munamusiya.

Loweruka muchite chonchi. Musatole wapamwamba, pisani dzanja mpaka pansi pa dengu kapena thumba. Mukamva kufunda kapena kuzizira kwa chinyontho, siyani. Tapani wodzaza dzanja, mufinye pang'ono kenako mutambasule. Wouma umalira kuti tswatswa ndipo umamwazikana, wosauma umakhala zii n'kutsala utagwirana. Kenako tolani mmodzi wamkulu mumuthyole pakati. Akathyoka kuti thyo ali bwino, akangopindika ngati chingwe ndiye kuti m'kati muli madzi. Muyese wamkulu chifukwa waung'ono umauma msanga, ungakunamizeni.

Muyang'anenso pamimba. Usipa umene unayanikidwa kapena kufutsidwa ukadali wabwino umakhala wathunthu ndi wonyezimira. Mukaona wambiri uli wong'ambika mimba, mitu itadukaduka, ndiye kuti unachedwa m'boti usanafike pathandala, ndipo kuwawa kwake sikutha ngakhale muutsuke ndi madzi otentha. Wofiirira ngati dzimbiri ndi wakalekale, mafuta ake anasasa. Pomaliza lawani mmodzi. Palibe wogulitsa amene amakaniza kulawa, ndipo mano ndi amene adzakuuzeni ngati unayanikidwa pamchenga.

Nachisale wa ku Ndirande

Zikomo kwambiri amayi. Kufunda kumene mukunenaku ndinakumva ndithu pamene ankandithirira, koma ndinkati ndi dzuwa. Nanga za ntchentche zimene anena achimwene Joni?

Anaphiri a ku Msaka

Achimwene anena zoona mbali imodzi. Ntchentche zobiriwira zija zikaunjikana pa nsomba imodzi n'kusiya zinzake, nsomba imeneyo ili ndi vuto. Koma kugombe ntchentche sizisowa. Thumba limene ntchentche sizikuterapo n'komwe pamene la mnzake pafupi zikutera, ine ndimalinunkhiza kawiri, chifukwa alipo ena amene amawaza mankhwala ophera tizilombo kuti katundu asafumbwe. Si onse ayi, ambirife sitichita zimenezo. Mukamva kafungo ka mankhwala kapena ka palafini, musagule ngakhale atsitse bwanji.

Bambo Mbewe, msodzi wopuma

Ndiyankhepo za chambo. Zolimba gwa zija n'zoona kuti nsomba ikafa imayamba yauma thupi, koma kunyanja kumatentha ndipo kuumako sikukhalitsa. Komanso yongofa kumene imakhala yofewa, isanayambe kulimba. Ndiye kufewa kokha sikukuuzani kanthu, ikhoza kukhala ya posachedwa kapena ya dzulo.

Mwana wanga, utsegule pa makha, m'mbali mwa mutumu. Akhale ofiira ngati magazi, ndipo ukanunkhiza pamenepo pazimveka fungo la madzi a m'nyanja basi. Akayamba kutuwa kapena kuoneka ngati dothi, ali ndi zonanda, nsombayo yapita. Diso likhale lotukuka ndi loyera, osati lolowa m'kati ngati lachita ng'ala. Udinde ndi chala pamsana, mnofu ubwerere pompo. Pakatsala chibowo usatenge. Mimba ndi imene imayamba kuola, choncho uisisite: ikakhala yofufuma kapena ikutulutsa zamadzimadzi kumalo otulukira chimbudzi, isiye. Kunyezimira kwa mamba usakukhulupirire, chifukwa ogulitsa amawaza madzi tsiku lonse.

Ufunsenso kuti yagwidwa ndi chiyani. Matchera timatchera madzulo n'kukaonjola m'mawa. Nsomba imene inakodwa usiku woyambirira imafera momwemo n'kugona m'madzi ofunda mpaka kucha, pamene inzake yakodwa mbandakucha ikadali kuphupha. Zonsezo zimatsika m'bwato limodzi nthawi imodzi. Choncho mawu akuti "zangofika kumene" akhoza kukhala oona, nsomba ili yoipa. Uziyesa imodzi imodzi, osati mulu.

Ukagula, uitumbule pagombe pomwepo, uchotse matumbo ndi makha, utsuke ndi madzi abwino. Kuchokera ku Makawa kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Limbe pa minibasi yoimaima, theka la tsiku limatha. Popanda ayisi ine sindingakulimbikitse. Ngati ayisi palibe, uithire mchere kapena uiwambitse.

Mayi a Tadala

Inenso zinandichitikira ndi matemba a ku Kachulu, ku Chilwa. Koma ine ndinapeza kuti vuto linali jumbo. Mayi Nachisale, nsomba youma siyendera m'pulasitiki, imachita thukuta. Ngakhale mukanagula wa K13,000 uja, masiku atatu m'jumbo yomanga ukanasintha ndithu. Tengani dengu kapena katoni, ndipo mukafika muuyanike tsiku lomwelo.

Anaphiri a ku Msaka

Za jumbo mwanena bwino mayi. Koma wouma bwino sukanachita chuku masiku atatu okha, umenewo unali ndi madzi kale. Jumboyo inangofulumizitsa.

Ndibwerere kwa kampango. Kampango ndi mlamba ndi nsomba za mnofu wochindikala, zimafuna moto wofatsa nthawi yaitali. Nkhuni kunyanja kuno zikudula, ndiye ena amangoikoleza moto waukulu kanthawi kochepa. Khungu limapsa n'kukongola, m'kati muli mwamuwisi, ndipo ntchentche imaikira mazira m'makha ndi m'mimba. N'chifukwa chake mphutsi munazipeza kumutu. Poyesa, mudinde pamene pali mnofu wambiri, kuseri kwa mutu ndi m'mbali mwa fupa la pamsana. Pakhale polimba. Pakabonyoka kapena kutuluka madzi, ameneyo ndi wodya lero kapena mawa, osati wosunga. Munyamuleni: wowamba bwino amapepuka kuposa mmene akuonekera. Kenako mugogodeni pachikhatho mutu uli pansi. Mukagwa ufa kapena tizilombo takuda, wafumbwa, wakhalitsa. Wakuda bii ngati khala nthawi zambiri amakhala wowambidwa kachiwiri, mumununkhize m'mimba, utsi sutha kubisa fungo la m'kati.

Kondwani

Ine ndili ku Joni, ndani amatumiza usipa wofutsa kuno? Ndikufuna wambiri.

Woyang'anira gulu

Achimwene Kondwani, zamalonda tili ndi tsiku lake. Pano tikuthandiza mayiwa kaye.

Nachisale wa ku Ndirande

Ndikulemba zonsezi m'kope. Chatsala ndi mtengo. Akangondiona ndi chikwama amadziwa kuti ndine mlendo.

Bambo Mbewe, msodzi wopuma

Mtengo wa kunyanja ulibe tsiku, munthu asakuuze kuti chigoba ndi mwakuti. Usipa timapha usiku ndi nyali, ndipo umabwera ku kuwalako kukakhala mdima. Mwezi ukakhala wathunthu nyali sizikoka kanthu, usipa umachepa, mtengo umakwera. Mwera ukaomba, makamaka Juni ndi Julayi, mabwato amagona pagombe masiku angapo, zimakhalanso chimodzimodzi. Ndiye usananyamuke uyang'ane kumwamba usiku, ndipo uwafunse apongozi ako ngati nyanja yakhala bata sabata ino. Chambo nachonso chimasowa mu Novembala ndi Disembala pamene boma limatseka makoka kuti chiswane.

Ukafika usafunse mtengo msanga. Uime pambali umve amene akupikula akulipira zingati, ndipo ngati n'kotheka upite ndi munthu wa pakhomo pa apongozi akowo. Upite m'mawa mabwato akamafika.

Achimwene Joni

Apa ndiye nditsutsa bambo. M'mawa ndi pamene ogula a m'tauni amalimbirana, mtengo umakhala pamwamba. Ine ndimagula cha m'ma 3 koloko masana, ogulitsa akufuna kuweruka, amatsitsa okha.

Bambo Mbewe, msodzi wopuma

Amatsitsa chifukwa nsombayo yatha tsiku padzuwa, mwana wanga. Pa youma kapena ukhoza kukhala ndi mfundo, koma chambo cha 3 koloko ine ayi.

Anaphiri a ku Msaka

Pa youma ine sindinaonepo kuti ola limasintha zambiri, chimasintha ndi kuchuluka kwa katundu pamathandala tsiku limenelo. Chimene ndingakuuzeni asisi n'chakuti mutenge chigoba chanu. Zigoba zina zinaphwanyidwa pansi kulowa m'kati, zina zinadulidwa m'kamwa. Kathiridwenso kamasiyana: wina amangowaza mopepuka, wina amagwedeza kuti ukhazikike n'kuika kamulu pamwamba. Mugwirizane kathiridwe musanagwirizane ndalama. Wofutsa musauyerekeze mtengo ndi wongoyanika, chifukwa wofutsa wadya nkhuni ndi mchere, umakwererapo. Ndipo mukatenga zigoba zinayi kwa munthu mmodzi, m'malo molimbana kuti achotse K500, pemphani basela, ambirife timapereka mosavuta.

Nachisale wa ku Ndirande

Ndayang'ana kunja usiku uno, mwezi ukuwala kwambiri. Ndiye kuti Loweruka ndikapeza wodula? Ulendo sindingausinthe chifukwa apongozi akudwala. Kodi ndigule zigoba ziwiri zokha, zinazo ndidzatumize munthu mdima ukabwera?

Anaphiri a ku Msaka

Watsopano ukhala wochepa, koma amene anasunga wa mdima wapitawu akhala nawo. Umenewo ndi umene muyenera kuupisa dzanja mpaka pansi ndi kuuyang'ana ngati wayamba kufiirira. Mukaupeza wabwino tengani zonse zinayi, mukakayika tengani ziwiri. Wotumidwayo adzakhale munthu woti adzathyola ndi kulawa ngati mmene mukanachitira inuyo.